Wotchi yandichenjeza kuti mtima ukugunda mosalongosoka

"Ndine bambo wa zaka 66, ndimamwa mankhwala a BP. Apple Watch imene mwana wanga anandigulira yandichenjeza kawiri sabata ino, ikulemba kuti AFib. Palibe pamene pakupweteka. Ndithamangire kuchipatala kapena ndi zamakina chabe?"

Bambo, pitani mukaonane ndi dokotala m'masiku ochepa akubwerawa kuti akakupimeni ECG, yomwe imajambula kagundidwe ka mtima, ngakhale mukudzimva bwinobwino. Koma mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kufuna kukomoka, kapena mukaona pakamwa papotoka, dzanja lafooka ndiponso mawu akutuluka mosamveka, musadikirenso kuti kuche. Pitani nthawi yomweyo, ndipo wina akuyendetseni. Wotchiyo siizindikira kutsekeka kwa mitsempha ya mtima, choncho kukhala chete kwake kusakupusitseni.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zimayenera kufinya kamodzi, kenako ziwiri zam'munsi n'kupopa magazi. Pa vuto la AFib, zam'mwambazo zimangonjenjemera, ndipo zam'munsi zimagunda mopanda ndondomeko, pena mothamanga, pena mochedwa. Anthu ambiri samva kalikonse. Choopsa chili apa: magazi amadikha m'kathumba kakang'ono ka chipinda cham'mwamba chakumanzere, n'kuundana. Kachidutswa koundanako kakachoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amachita sitiroko. AFib imachulukitsa chiopsezo chimenechi pafupifupi kasanu.

Wotchi imaona zimenezi ndi nyali zobiriwira zili kunsi kwake, zomwe zimayeza mmene magazi akudutsira pamkono nthawi ndi nthawi mukakhala phee. Imatha kulakwitsa ngati lamba ndi wokhwepa, kapena ngati mtima uli ndi tikugunda tina tongodumphira tosaopsa. Mu kafukufuku wa Apple Heart Study wa mu 2019, mwa anthu amene anachenjezedwa kenako n'kuvala kachipangizo ka ECG kwa masiku angapo, 34 pa 100 alionse ndi amene anapezeka ndi AFib. Izi sizikusonyeza kuti ena onsewo analibe vuto, chifukwa AFib imatha kubwera n'kuchoka. Komanso pa msinkhu wanu, ndi BP, chenjezolo n'lofunika kulitenga mozama kuposa la mnyamata wa zaka 25.

Musanapite, sonkhanitsani umboni. Ngati wotchi yanu ili ndi ECG, khalani pansi, ikani mkono patebulo, mangani lamba bwino, ndipo gwirani Digital Crown, kabatani kozungulira kam'mbali mwa wotchi, ndi chala cha dzanja linalo kwa masekondi 30 osalankhula. Chitani zimenezi chenjezo likangobwera kapena mukamva mtima ukuthamanga. Ikalemba Inconclusive, kutanthauza kuti sinapeze yankho lomveka, pukutani thukuta pamkono n'kubwereza. Zotsatira zake zimasungidwa mu pulogalamu ya Health pa foni, ndipo mungazitulutse ngati PDF kuti dokotala aone mizere yeniyeniyo. Lembaninso tsiku, nthawi, ndi zimene munkachita, makamaka ngati munamwa mowa dzulo lake. Mowa ndi umodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa vutoli.

Kuchipatala, ECG ya mawaya ambiri ikhoza kutuluka yabwinobwino ngati mtima wabwerera m'malo mwake panthawiyo. Zikatero musabwerere ndi mawu akuti "mulibe vuto" basi. Onetsani PDF ija ndipo funsani za makina a Holter, amene mumavala maola 24 kapena kuposerapo. AFib ikatsimikizika, pamafunika sikani ya mtima, kuyeza magazi poona chithokomiro, impso ndi shuga, komanso kufunsa ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo.

Kenako dokotala amawerengera chiopsezo cha sitiroko ndi mapointi. Zaka 65 mpaka 74 ndi pointi imodzi, BP ndi ina. Inu ndiye kuti muli kale ndi ziwiri, ndipo kwa mwamuna mapointi awiri ndi pamene madokotala amalangiza mankhwala oletsa magazi kuundana, monga apikisabani, rivarokisabani kapena wafarini. Sikani ija ndi yofunika posankha. Ngati vavu ya mtima inachepa chifukwa cha matenda a rumatiki, amene kuno kwathu ndi ofala, mankhwala oyenera ndi wafarini, ndipo amafuna kuyeza magazi pafupipafupi kuti INR, nambala yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, ikhale pakati pa 2 ndi 3.

Chonde musayambe nokha kumwa asipirini poganiza kuti mwadziteteza. Pa AFib sateteza mokwanira ku sitiroko, koma amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Mankhwala a BP pitirizani kumwa monga mwa nthawi zonse, mowa muyambe mwausiya, ndipo popita kuchipatala mutenge mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, kuphatikizapo azitsamba ndi opha ululu ogula pagolosale, chifukwa ena amasemphana ndi oletsa magazi kuundana.