Bonasi ya miyezi itatu sinabwere: pepala likuti chiyani, ndipo mufunse bwanji

"Ndimagwira ntchito yopereka ndi kutolera ngongole pa kabungwe kena kobwereketsa ndalama muno mu Zomba. Miyezi itatu yapitayi ndinapitirira tageti ya ngongole zopereka komanso ya makasitomala atsopano, koma bonasi sindinalandire. A manijala akuti ngongole zochedwa kubwezedwa zinafika 6.2 peresenti pomwe malire ndi 5, ndiponso akuti bonasi ndi chifundo cha kampani. Chikundiwawa n'chakuti pakati pa nyengoyi anandisenzetsa makasitomala a mnzanga amene anasiya ntchito. Ndifunse bwanji osadziwonongera ntchito?"

Achemwali, pepani. Ndikudziwa kuti ndalama imeneyo munali mutaiwerengera kale, mwina ya fizi, mwina ya lendi, ndipo munaikhetsera thukuta pa njinga yamoto m'misewu ya ku Jali ndi ku Mayaka. Koma ndikupempheni kuti mkwiyowo muuike kaye pambali, chifukwa nkhani ya bonasi imaweruzidwa ndi mapepala ndi masamu, ndipo pa zimene mwandiuza, masamuwo akhoza kukhala kumbali yanu.

Tiyambe ndi mawu a manijala aja akuti ndi chifundo. Mabonasi alipo a mitundu iwiri, ndipo mabwana ambiri amaiphatikiza, ena mwadala, ena posadziwa. Wina ndi umene kampani imapereka ikafuna, monga kangachepe ka pa Khirisimasi chaka chikayenda bwino. Pa umenewu kalata ya ntchito imalemba kuti kampani "ikhoza" kupereka, ndipo sinena kuchuluka kwake kapena kawerengedwe kake. Winawo ndi wolonjezedwa: mukafika pakuti, mudzalandira zakuti. Ukalembedwa choncho, mu kontalakiti, m'buku la malamulo a pantchito, kapena m'kalata ya matageti imene inu ndi bwana munasaina, umakhala gawo la malipiro anu. Munthu akakwaniritsa zimene anagwirizana, kampani singatembenuke n'kunena kuti chinali chifundo.

Choncho usiku uno tulutsani kalata yanu ya ntchito ndi pepala la matageti, muwerenge mawu amodziamodzi. Lamulo la za ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, pa ndime 27, limalamula wolemba ntchito kupatsa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake, kuphatikizapo malipiro ndi mmene amawerengedwera. Ngati mulibe kope lanu, kulipempha ku ofesi yoona za ogwira ntchito si mwano. Zaka zapitazo ineyo ndinataya komishoni ya miyezi iwiri pa kampani ina yogulitsa katundu chifukwa lonjezo lonse linali la pakamwa, pa msonkhano wa Lolemba m'mawa. Bwana amene analonjeza atasamutsidwa, wolowa m'malo anangondifunsa kuti, "Zinalembedwa pati?" Ndinalibe choyankha. Inu muli ndi pepala, ndiye mwayamba kale patsogolo pa pomwe ndinali ine.

M'pepala la matagetimo muyang'ane chinthu chimodzi chimene chimasintha zonse. Kodi matageti atatuwo aliyense ali ndi gawo lake la bonasi, kapena ya ngongole zochedwayo ndi chipata choti ukalephera kudutsapo zonse zagwa? Tiyerekeze kuti bonasi yonse ndi K300,000, ndipo yagawidwa motere: 40 peresenti pa ngongole zopereka, 20 peresenti pa makasitomala atsopano, 40 peresenti pa kubweza bwino. Pamenepo, ngakhale titavomera kuti gawo lachitatu munalephera, magawo awiri oyamba ndi anu: K120,000 kuphatikiza K60,000, yonse K180,000, msonkho wa PAYE usanachotsedwe, pakuti bonasi nayo imadulidwa msonkho ngati malipiro. Koma ngati pepalalo likuti palibe bonasi iliyonse kwa amene wadutsa 5 peresenti, ndiye chipata chimenecho, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama amachikonda chifukwa safuna kuti muzingomwaza ngongole kwa anthu amene sangabweze. Zikakhala choncho, nkhondo yanu yonse ili pa 6.2 ija: inachokera kuti?

Apa ndi pamene ndinakupemphani manambala, ndipo zikomo kuti munatumiza. Nambala imene pa kompyuta yanu imalembedwa kuti PAR 30 imapezeka potenga ndalama yonse yotsala pa ngongole zimene zachedwa kupitirira masiku 30, n'kuigawa ndi ndalama yonse imene ili kunja m'buku lanu la ngongole za makasitomala. Dziwani kuti sawerenga kagawo kamene kachedwako kokha ayi. Mayi wogulitsa matemba ku Kachulu akatsala ndi K200,000 ndipo waphonya kubweza K20,000 kwa masiku oposa 30, K200,000 yonseyo imalowa m'gulu la zochedwa. N'chifukwa chake makasitomala ochepa chabe amatha kukweza nambalayi msanga.

Tsono buku lanu, la anthu amene munawafufuza nokha ndi kuwavomereza, linali ndi K40 miliyoni kunja, ndipo yochedwa inali K1.6 miliyoni. Imeneyo ndi 4 peresenti, pansi pa malire. Buku la mnzanu uja linabwera ndi K10 miliyoni, yochedwa K1.5 miliyoni, kutanthauza 15 peresenti. Mukaphatikiza, K3.1 miliyoni pa K50 miliyoni, ndiye 6.2 peresenti imene a manijala akunena. Sananame, nambalayo ndi yoona. Koma yaphatikiza ntchito yanu ndi katundu amene munangotwikidwa nyengo ili pakati. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, pa tsiku limene munalandira bukulo, ngongole zimenezo zinali zitachedwa kale kapena zinachedwa zili m'manja mwanu? Ngati lipoti la tsiku lolandirana likuonetsa kuti K1.5 miliyoniyo, kapena yambiri mwa iyo, inali itadutsa kale masiku 30, muli ndi mfundo yolimba. Ngati zinali bwino ndipo zinaonongeka inu mutazitenga, mfundoyo yafooka, ngakhale mukhoza kunenabe kuti tageti inaikidwa poyang'ana buku la K40 miliyoni ndipo sinakonzedwenso katundu atawonjezeka. Lipoti limenelo lifuneni musanalankhule ndi wina aliyense, ndipo muone ngati munasainapo chilichonse chovomera kuti bukulo liziwerengedwa ngati lanu kuyambira tsiku lomwelo.

Pofunsa, musayambire pa khonde kapena pa gulu la WhatsApp la ku ofesi. Bwana akafunsidwa pamaso pa anthu amaumirira zimene ananena kale kuopa manyazi. Lembani kalata yaifupi kapena imelo kwa a manijala, kope lipite ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo ikhale yopempha kawerengedwe, osati yodandaula. Mawu ake akhoza kukhala otere: "Bwana, ndikupempha kuti mundionetse mmene bonasi yanga ya miyezi itatu yapitayi inawerengedwera. Malinga ndi pepala la matageti limene tinasaina, ndinapitirira tageti ya ngongole zopereka ndi ya makasitomala atsopano. Pa ngongole zochedwa, buku langa lili pa 4 peresenti, ndipo 6.2 ikubwera pophatikiza buku limene ndinalandira pa tsiku lakuti. Ndikupempha kudziwa ndime imene ikunena kuti buku lolandira liziwerengedwa pamodzi, ndipo ngati palibe, bonasiyo iwerengedwenso. Ndingathokoze mutandiyankha pofika pa tsiku lakuti." Sabata ziwiri ndi nthawi yabwino yopereka. Musatchulemo kuti uje analandira, musatchulemo za kukondera, ngakhale mukuziganiza. Zimenezo zimatembenuza nkhani ya masamu kukhala mkangano wa anthu, ndipo pa mkangano wotere wamng'ono sapambana kawirikawiri.

Kalata yotere imakakamiza munthu kuyankha ndi ndime ya pepala. Akayankha kuti ndi chifundo basi, afunseni mwaulemu kuti alembe zimenezo. Ambiri amazengereza kulemba chinthu chimene akudziwa kuti chikutsutsana ndi pepala limene anasaina okha, ndipo nthawi zina nkhani imathera pomwepo, ndalama n'kutuluka ndi malipiro a mwezi wotsatira mwakachetechete. Mukaitanidwa kukakambirana, pitani ndi mapepala anu, ndipo mukatuluka tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana. Akakupatsani fomu ya kayendedwe ka ntchito yolembedwa kuti munalephera tageti, musangosaina. Lembani pambali pa siginecha yanu kuti simukugwirizana ndi nambalayo ndipo mwapempha kuti iwerengedwenso. Fomu yosainidwa popanda mawu amenewo adzakuonetsani mawa ngati umboni woti munavomera.

Zikakanika m'kati, tsatirani ndondomeko ya madandaulo ya pa kampanipo ngati ilipo, kenako ofesi ya leba ya boma la Zomba. Ndime 64 ya lamulo lija imalola munthu amene ali ndi kusamvana pa za kontalakiti ya ntchito kukatula nkhaniyo kwa ofisala wa leba, amene amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikalephereka kumeneko, nkhani imatha kupita ku khoti loona milandu ya apantchito, limene limagwira ntchito motsatira lamulo la 1996 la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 31, amanenanso za ufulu wolandira malipiro oyenera. Pa mantha anu aja, ndime 57 ya lamulo la 2000 imanena kuti kukadandaula za bwana wophwanya malamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Sindikunamizani kuti zimenezi zimaletsa bwana kukuyang'anani ndi diso lofiira, ndipo milandu ya kukhoti imatenga nthawi. Pa K180,000 kapena K300,000, ine ndingalimbikire kwambiri kalata ija ndi ofesi ya leba, khoti n'kulisiya ngati njira yomaliza. Ndipo mukapeza kuti pepala lanu likunenadi momveka kuti kampani ikhoza kupereka kapena ayi mmene yafunira, dziwani kuti mwaima pofewa, ndipo kalata yanu ikhale yopempha kuti aganizirenso poona manambala a buku lanu.

Chenjezo limodzi ndilinene mosabisa, chifukwa ndinaona mnzanga akugwa nalo. Ndalama za makasitomala zimadutsa m'manja mwanu tsiku lililonse. Musayerekeze kugwirako ngakhale K5,000 poganiza kuti mukudzilipira zimene akukukanizani. Kumeneko ndi kuba, ntchito imatha tsiku lomwelo, apolisi amabwera, ndipo za bonasi palibenso amene angazimve. Momwemonso posunga umboni, tengani manambala onse a buku lanu, koma mayina ndi ngongole za makasitomala musazitumize ku foni yanu kapena kwa anthu akunja, ngakhale kwa ine.

Nyengo yatsopano ya matageti yayamba kale, ndipo buku la mnzanu lija likadali m'manja mwanu. M'kalata yomweyo onjezani mzere wopempha kuti kuyambira tsopano mabuku awiriwo aziwerengedwa padera kwa miyezi imene mungagwirizane, kapena kuti malire a 5 peresenti akwezedwe poona katundu amene munalandira, ndipo yankho lake lilembedwe ndi kusainidwa mwezi uno usanathe. Mukapeza lipoti la tsiku lolandirana lija, ndilembereninso mundiuze manambala ake, tione limodzi ngati kalatayo ikufunika kusintha.