Invoisi yodzilembera mitengo, msonkho ndi nambala

*"Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira. Ndikufuna invoisi ya mu Excel yoti izitenga yokha mitengo pa mndandanda wa katundu, kuwonjezera VAT komanso kudzipatsa nambala. Ndiyambire pati?"*

Bambo, yambani ndi mapepala atatu mu fayilo imodzi: Mitengo, Invoisi ndi Kaundula. Pa Mitengo, mu A lembani kodi ya katundu, mu B dzina lake, mu C mtengo wopanda msonkho. Pa Invoisi, kodi ikhale mu A8, kuchuluka kwa katundu mu C8, ndipo mu D8 muike izi:

```
=IF(A8="","",VLOOKUP(A8,Mitengo!A:C,3,FALSE))
```

FALSE ameneyo musamusiye. Mukamuchotsa, Excel ikapanda kupeza kodi yeniyeni imatha kutola mtengo wa katundu wina popanda kukuchenjezani. Akakhalapo, kodi yolakwika imatulutsa #N/A, ndipo mumadziwa pomwepo kuti penapake mwaphonya chilembo.

Mlingo wa VAT muulembe m'kabokosi kamodzi kokha, kuti boma likausintha mukonze malo amodzi. Tiyerekeze kuti mwaikamo 16.5%, ndipo kasitomala watenga matumba 10 a simenti pa K30,000 lililonse ndi makilogalamu 5 a misomali pa K4,000. Zonse ndi K320,000, msonkho K52,800, alipire K372,800. Koma ngati mitengo ya mu C ili kale ndi VAT, mwamudula msonkho kawiri. Dziwaninso kuti wololedwa kulipiritsa VAT ndi yekhayo amene analembetsa ku MRA, ndipo invoisi ya mu Excel silowa m'malo mwa risiti ya msonkho imene iwo amafuna.

Pa nambala m'pamene ambiri amagwa. Fomula payokha sikumbukira kuti mwatulutsa ma invoisi angati, choncho imafunika powerengera:

```
=MAX(Kaundula!A:A)+1
```

Ngati yomaliza mu Kaundula ndi 1047, yatsopano ikhala 1048. Mukamaliza, sungani invoisiyo ngati PDF kaye, kenako lembani ndi manja mu Kaundula 1048 mu A, ndipo pambali pake tsiku, dzina la kasitomala ndi ndalama zake. Mukayamba ndi Kaundula, nambala idumphira pa 1049 musanasindikize. Mukaiwala kulemba, makasitomala awiri alandira nambala imodzi. Invoisi yolephereka musaifufute, ingolembani pambali kuti yathetsedwa.

PDF ija si mwambo chabe. Mitengo ya pa Invoisi imatsatira mndandanda nthawi zonse, moti simenti ikakwera kufika K33,000 mwezi wamawa, invoisi yakale yosiyidwa ndi mafomula ake idzaonetsa K407,750, pamene pepala la kasitomala likunena K372,800. Wangongole akadzabwera kudzalipira, mkangano wake simungaupambane. N'chimodzimodzi ndi `=TODAY()`, amene amasintha tsiku mukatsegula fayilo mawa lake. Tsiku lilembeni pogwira Ctrl ndi ; limodzi, silidzasunthanso.