Maginesiya kwa munthu wodwala impso

"Amayi anga akudwala impso, amalandira chithandizo kuno ku Chipata. Masiku atatu sanachite chimbudzi, komanso pamtima pakuwawotcha. Ndingawagulire Milk of Magnesia?"

Achemwali, chonde musawagulire. Mankhwalawa ali ndi maginesiya. Wina amalowa m'magazi kudzera m'matumbo, ndipo ndi impso zimene zimamutulutsa mu mkodzo. Kwa munthu wa impso zabwino kawirikawiri palibe vuto. Koma impso zikafooka, maginesiya amangowunjikana m'thupi, makamaka ngati m'mimba mwauma, chifukwa mankhwalawo amakhalitsa m'matumbo n'kumalowabe m'magazi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti poyamba zimangooneka ngati kutopa kwa matenda: nseru, kufooka miyendo, kugonagona. Kenako BP imatsika, mtima umagunda pang'onopang'ono, kupuma kumavuta. Mukaona zimenezi, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, mutenge ndi botololo, akayeze magazi.

Pogula mankhwala a kuwotcha kwa pamtima werengani pabotolo. Akalemba "magnesium hydroxide" kapena "magnesium trisilicate", asiyeni. Epsom salt nayenso musiyeni, ali ndi maginesiya. Za chimbudzizo, afunseni adokotala awo za lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi amene kawirikawiri amapatsa odwala impso.