Kalata yoperekera mafayilo omaliza a CAD: zimene lamulo limayang'ana

"Ndamaliza kujambula pulani ya nyumba yosungiramo katundu, ndipo mwini ntchito akufuna mafayilo onse. Kodi ndilembe chiyani m'kalata yoperekera kuti mawa asadzandiimbe mlandu?"

Bambo, kalata imeneyi ndiyo idzakhale mboni yanu pakadzabuka mkangano, chifukwa khoti lidzafuna kudziwa chimene munapereka, tsiku limene munapereka, ndi chimene mwini ntchito anauzidwa polandira. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola kuti uthenga wa pakompyuta ukhale umboni, choncho kutumiza pa imelo n'kololedwa, koma imelo yongoti "landirani mafayilo" siidzakuthandizani.

Yambani ndi kutchula fayilo iliyonse ndi dzina lake lenileni, mtundu wake ndi ntchito yake. Mwachitsanzo, lembani kuti A-101_RevC.pdf ndi pulani yosainidwa yomangira, A-101_RevC.dwg ndi fayilo yotheka kusinthidwa yosungidwa mu mtundu wa AutoCAD 2018, ndipo A-101_RevC.dxf ndi ya amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu ena. Kutchula chaka n'kofunika chifukwa pulogalamu yakale siitsegula DWG ya mtundu watsopano, ndipo mwini ntchito akhoza kunena kuti munampatsa chinthu chosagwira ntchito n'kukana kulipira ndalama zotsala. Muonjezere chiganizo chonena kuti pakakhala kusiyana pakati pa mafayilowa, PDF yosainidwa ndiyo itsatidwe. Ine chiganizo chimenechi ndimachiona kukhala mtima wa kalata yonse, popeza mu DWG munthu aliyense angathe kusuntha khoma osasiya chizindikiro, ndipo dzina lanu limatsalabe pakona ya pepalalo.

Pa nkhani ya miyezo m'pamene anthu ambiri amagwera m'mavuto. Tinene kuti pulani ya nyumbayo munaijambula mu mamilimita, pamene pulani ya malo ili mu mamita, monga ambiri amachitira. Khoma la mamita 6 lalembedwa 6000. Injiniya wina akalowetsa fayiloyo mu chojambula chake cha mamita popanda kusintha, khomalo likhala la makilomita 6, ndipo cholakwacho chimaonekera msanga. Choopsa ndi chimene sichionekera, monga pamene DXF yapita kwa odula zitsulo ndi makina, iwo n'kuiwerenga mu mainchi, chitsulo cha mamilimita 40 n'kutuluka cha mamilimita 1016. Musanatumize, lembani INSUNITS mu AutoCAD muone nambala yake: 4 ndi mamilimita, 6 ndi mamita, 1 ndi mainchi, ndipo 0 ikutanthauza kuti fayiloyo ilibe muyezo. Zimene mwapezazo zilembedwe m'kalata pafupi ndi dzina la fayilo iliyonse, pamodzi ndi chenjezo lakuti atsatire manambala olembedwa, asayeze pa chojambula. Akadzalakwitsa atachenjezedwa chotere, kudzakhala kovuta kuti akunamizireni kunyalanyaza ntchito.

Zosintha nazo zilembedwe mosabisa, ndipo mutchule amene anazipempha. Musangoti "Rev C, zakonzedwa". Lembani kuti mu Rev C khomo lakum'mawa lakulitsidwa kuchoka pa mamilimita 900 kufika pa 1200 potsatira pempho la mwini ntchito la pa imelo ya tsiku lakutilakuti, ndiponso kuti Rev C ikulowa m'malo mwa Rev A ndi Rev B, zimene zisagwiritsidwenso ntchito. Kontilakita akamanga ndi Rev B imene inatsala m'galimoto mwake, funso loti alipire ndani kugumula khoma kuti khomolo likule lidzayankhidwa ndi mzere umenewu.

Pali malire amene muyenera kuwadziwa. Kalata yoperekera siingasinthe payokha mgwirizano umene munasainirana kale. Ngati mgwirizanowo unapereka umwini wa zojambulazo kwa mwini ntchito, simungaubweze polemba m'kalata kuti ndi zanu. Ngati mgwirizanowo unasiya umwiniwo m'manja mwanu, lembani kuti mukumuloleza kuzigwiritsa ntchito pomanga nyumba imodziyi pa malo amenewa okha, ndipo kuti ufulu wanu pansi pa Copyright Act ya 2016 simunaupereke. Chimodzimodzi mawu akuti akapanda kudandaula m'masiku 14 ndiye kuti wavomereza: kukhala chete kwa munthu si kuvomera, choncho mawuwo adzakhala ndi mphamvu ngati ali kale mu mgwirizano kapena ngati iye asaina. N'chifukwa chake pansi pa kalatayo payenera kukhala malo oti asaine, alembe tsiku, n'kukubwezerani kope.

Mangani mafayilo onse ndi ETRANSMIT kuti mafayilo olumikizidwa ndi zilembo zake zisatsale, ndipo sungani kope la zonse monga zinatumizidwira, pamodzi ndi kalata yosainidwayo, kwa zaka zosachepera 6, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi imene Limitation Act imapereka yoti munthu akasume pa mlandu wa mgwirizano.