"Pemphani" kapena "funsani" m'kalata ya kwa makasitomala?

Funso: Ndatsegula sitolo, ndiye ndalemba kalata yoti ndizipatsa ogula atsopano. Yayamba motere: "Wokondedwa makasitomala, mwalandilidwa. Pemphani chilichonse chomwe mukufuna." Mayi akunyumba akuti sikumveka bwino, koma sakunena pomwe palakwika. Ndithandizeni.

Yankho: Mayiwo khutu lawo ndi lakuthwa, bambo. Vuto lalikulu lili pa "pemphani".

Munthu amapempha chinthu chimene alibe mphamvu nacho, ndipo akapatsidwa salipira. Timapempha thandizo, chilolezo, chikhululukiro. Wopempha amadzichepetsa chifukwa mwini chinthu akhoza kumukaniza. Tsono kasitomala wabwera ndi ndalama zake, si wopemphetsa ayi. Mukamuuza kuti apemphe, mwamutsitsa osadziwa. Choopsa china n'chakuti wina adzamva ngati mwalonjeza zaulere kapena ngongole, ndipo akadzafika ndi kalatayo m'manja mudzasowa pogwira, poti munalemba nokha.

Mneni amene mukufuna ndi "funsa". Komabe kungosinthanitsa mawu awiriwa sikokwanira, chifukwa chimene timafunsa ndi munthu kapena funso, katundu ayi. "Funsani sopo" zikumveka ngati sopoyo ndiye ayankhe. Timati "funsani za sopo", kapena "funsani ngati sopo alipo". Choncho lowetsani "ti-" woimira inu eni sitolo, kuti wofunsidwa adziwike. Mukatero mneni wolamula amasintha mathero: "funsani" amakhala "tifunseni", osati "tifunsani". N'chimodzimodzi "uzani" ndi "tiuzeni", "thandizani" ndi "tithandizeni". Samalani musawonjezepo "-ir-" pofuna kukometsa, poti "tifunsireni" anthu ambiri adzaganiza za ukwati.

Ine ndingapitirire apo. "Tifunseni" ndi lamulo ndithu, ngakhale lili ndi "-ni" waulemu. Kwa munthu amene simunadziwane naye ndimakonda "musazengereze kutifunsa" kapena "khalani omasuka kutifunsa". Mawu amenewa amachotsa manyazi a mlendo amene akuzungulira m'sitolo osaona chomwe wadzera. Ngati mukutanthauzanso katundu amene mulibe koma mungathe kumupeza, apo si pofunsa chabe. Nenani kuti "mutiuze, tidzakuitanitsirani". Kuitanitsa ndiye kubweretsa chinthu kuchokera kwina.

"Chilichonse" chosiyidwa chokha n'chachikulu kuposa sitolo yanu. Chipatseni malire: "chilichonse chokhudza katundu wathu". Mukafuna kutchula zinthu zingapo, monga mitengo ndi kagwiritsidwe ntchito ka katundu, zonse zisamukire ku zambiri: "zilizonse zokhudza". Osasakaniza kuti "chilichonse zokhudza".

Pa malonje pali zolakwika ziwiri zing'onozing'ono. "Wokondedwa" ndi wa munthu mmodzi, pomwe "makasitomala" ndi ambiri, ndiye pafunika "Okondedwa makasitomala". Kunena zoona, kwa anthu amene mwangokumana nawo "okondedwa" akufulumira. "Olemekezeka" nawonso amandilemera, akuyenera pamsonkhano wa akuluakulu. "Kwa makasitomala athu atsopano" akukwana. Chachiwiri ndi kalembedwe: pambuyo pa "i" ndi "e" timalemba "r", motero ndi "mwalandiridwa".

Koma ngakhale mutakonza chilembocho, "mwalandiridwa" sakunena amene walandira. Mwini malo amati "takulandirani", ndipo akafuna kuonetsa nsangala amawonjezera "ndi manja awiri". Onetsetsani kuti "-ni" wakumapeto alipo. Iye ndi "-ku-" wapakati amayendera limodzi posonyeza ulemu kapena anthu ambiri. "Takulandira" ndi wonena kwa mwana kapena mnzanu wa ubwana, ndipo "ni" mmodziyo akasowa kalata yonse imamveka yamwano.

Kalata yanu ikhoza kuyamba chonchi:

Kwa makasitomala athu atsopano,
Takulandirani ndi manja awiri, ndipo tikuthokoza kuti mwasankha kudzagula kwa ife. Musazengereze kutifunsa zilizonse zokhudza katundu wathu, kaya mtengo wake kaya kagwiritsidwe ntchito kake. Chimene simunachione pa shelefu mutiuze, ndipo ngati n'kotheka tidzakuitanitsirani.

Onani kuti ndalemba "ta-", "ti-" ndi "wathu" monsemo. Ngakhale sitoloyo ili ya inu nokha, "ife" akuphatikiza ndi ogulitsa anu, amene ndiwo adzayankhe mafunsowo inu kulibe. Chofunika n'kusasintha pakati. Mukayamba ndi "takulandirani" musadzalembe "ndifunseni" m'munsi, ndipo potseka musati "Ine wanu" koma "Ife anu", kenako dzina lanu ndi la sitolo. Mawu oti "ngati n'kotheka" musawachotse poti akuoneka ofooka. Popanda iwo, "tidzakuitanitsirani" ndi lonjezo la katundu aliyense amene kasitomala angatchule.