Madzi a mjigo akumveka chitsulo, mapaipi akudontha

"Madzi a mjigo wathu akumveka chitsulo mkamwa ndipo pa sinki pakumatsala zobiriwira. Wina akuti ndi pH, ndiyeze bwanji?"

Achimwene zobiriwirazo ndi kopa amene akusungunuka m'mapaipi anu, nthawi zambiri zimatanthauza kuti madziwo ali ndi asidi, pH, womwe ndi muyeso wa asidi m'madzi, yatsika pansi pa 6.5. Madzi akumwa amafunika akhale pakati pa 6.5 ndi 8.5, ndipo dziwani kuti 6 ali ndi asidi kuchulukitsa ka 10 kuposa 7, nde musaone ngati kusiyanako nkochepa.

Gulani timapepala toyezera pH kapena kamita kaja ka batire. Tsegulani mpopi madzi ayende kaye mphindi ziwiri, tungani m'kapu yoyera ndipo yezani pompo, mukawasiya nthawi yaitali mpweya umatulukamo nambala nkukwera nkukupusitsani. Yezaninso pamjigo penipeni asanalowe mu thanki.

Mukapeza mwina 5.8, ikani fyuluta ya miyala ya laimu yoperapera madzi asanalowe m'nyumba, miyalayo imasungunuka pang'onopang'ono nkukweza pH kufika cha m'ma 7, inu ntchito yanu nkumangowonjezera ikachepa. Madzi amalimbako pang'ono, muona zoyera mu ketulo koma si zoopsa. Chonde musamathire soda mu thanki mongoyerekeza, pH ikapitirira 8.5 madzi amawawa ngati sopo komanso klorini sagwiranso bwino ntchito yopha majeremusi.

Pakadali pano m'mawa muzitaya kaye madzi amene agona m'mapaipi, makamaka ngati ana akumwa, chifukwa m'majointi akale mumakhala mtovu.