Zikomo wathu si asante nthawi zonse

"Abale, mwezi wamawa ndikupita kukaoda katundu ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, koyamba. Pa Chiswahili ndangoloweza jambo ndi asante. Kodi zindikwanira, kapena ndiwonjezere chiyani?"

Achemwali, jambo musiyeni, ndi moni wa alendo odzaona malo. Mukangowoloka mlatho wa Songwe, pa Kasumulu pomwepo mumva "Habari yako?" ndipo yankho ndi "Nzuri." Mmawa amati "Umeamkaje?", ndiye mwadzuka bwanji wathu uja, masana "Umeshindaje?" ngati mwaswera bwanji. Anyamata a m'mashopu akati "Mambo?" sakukuyesani mfumu ayi, akufunsa kuti zikuyenda bwanji. Inu mungoti "Poa."

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi zikomo. Kwathu liwu limodzili timathokozera, timapemphera njira, timayankhira odi. Chiswahili chinagawa ntchito zimenezi. Asante ndi wothokoza basi. Ulendo wanga woyamba ndinali mu daladala, minibasi ya kumeneko, yothithikana, chikwama pachifuwa, ndikufuna kutsika. Ndinkangoti "asante, asante," anthu n'kumandiyankha "karibu" osasuntha ndi pang'ono pomwe, mpaka ndinapitirira siteji yanga. Popempha njira nenani "samahani." Wina akati "hodi" pakhomo, amene ndi odi wathu yemweyo, yankho ndi "karibu." Karibu yemweyo ndiye amayankhiranso asante.

Pepani nayenso ali pawiri. Mukaponda munthu phazi, "samahani." Mukaona munthu wapunthwa, wadwala, waferedwa kapena wangotopa ndi katundu, "pole," iye ayankha "asante." Pole ameneyu ndimamukonda kwambiri, chifukwa amauza ngakhale munthu amene ali pantchito: "pole na kazi." Mudzamuuze wokunyamulirani mabelo, mudzaona nkhope yake kumasuka.

Pa ulemu ndi pamene Amalawi timasokonezeka. Ka -ni ka mu bwerani ndi pepani kaliponso uko: asanteni, karibuni, poleni. Muzu wake ndi umodzi, koma iwo kawirikawiri amakanena kwa anthu ambiri, osati kwa wamkulu mmodzi. Mayi wachikulire ali yekha mumuuza "asante, mama," ndipo si mwano. Ulemu wawo uli mu "shikamoo," moni wa wamng'ono kwa wamkulu, ndipo wamkuluyo amayankha "marahaba." Yambani ndinu, musadikire. Mwana akakupatsani shikamoo, musabweze shikamoo, nenani marahaba.

Tsono konzekerani ichi: agogo aakazi uko ndi bibi. Mudziwa zimene liwuli limatanthauza kwathu, koma kumeneko ndi dzina laulemu ndithu, choncho nenani "shikamoo bibi" osaseka, osachita manyazi. Ndiyo si ndiwo zodyera nsima, ndi inde. Dada ndi mchemwali, osati bambo monga amatchulira anzathu a ku Rumphi, ndiye akakuitanani "dada" pamsika mucheuke.

Potsanzika, tsalani bwino ndi pitani bwino onse alowa mu "kwa heri," kapena "kwa herini" akakhala ambiri.